Makatoni 12 a mafuta: mmene tinalembera kalata ya mlandu ndi maminitsi a hiyaring'i

Ndimagwira ntchito ya ukalaliki pa kampani ina yogulitsa zakudya mopikulitsa kufupi ndi City Deep kuno ku Joni. Kampani yake ndi yaing'ono, ilibe ofesi yoona za antchito, ndiye pakagwa mlandu, kutaipa makalata ndi kulemba maminitsi kumagwera ine. Ndaona anzathu ambiri ochokera kumudzi akuonetsedwa msana wa njira, ndipo nthawi zambiri nkhani imakhala itaonongeka kale hiyaring'i, msonkhano womvera mlandu wa wantchito, isanayambe, pa kalata yoitanira munthu ku mlandu. Ikapulumuka pamenepo imakaonongekera pa zomwe zalembedwa m'chipinda cha hiyaring'i. Ndifotokoza mlandu umodzi womwe ndinaulemba kuyambira poyamba mpaka pamapeto, kuti amene wapatsidwa kalata yotere, kapena wauzidwa kuti ailembe, adziwe poyang'ana.

Lamulo la pamalo pathu ndi lakuti katundu sakwera lole popanda pepala lopakirira losainidwa ndi supavaiza. Lolemba lina m'mawa mlonda wa pageti anawerenga makatoni 52 a mafuta ophikira m'lole yopita ku mashopu a ku Soweto, pomwe invoisi inkanena 40. Makatoni 12 analibe pepala. Amene anapakira anali bambo wina wa ku Mangochi, woyendetsa folokilifiti, yemwe wakhalitsa pakampanipo. Lole inabwezedwa, makatoni anatsitsidwa, palibe chinasowa.

Manijala wathu anapsa mtima kwambiri. Anandipatsa kapepala kolemba pamanja kuti nditaipe, ndipo kankanena mwachidule kuti: waba katundu wa kampani, ndiwe wosakhulupirika, ubwere mawa 8 koloko m'mawa udzafotokoze chifukwa chake tisakuchotse ntchito. Panalibe tsiku la zomwe zinachitika, panalibe kuchuluka kwa katundu, za ufulu wa munthuyo osatchula n'komwe.

Ndinawauza kuti, "Bwana, kalata iyi yagamula kale mlandu. Nanga hiyaring'iyo ndi ya chiyani? Bambowa akakatisumira ku CCMA, pepala loyamba lomwe komishinala adzaone ndi ili." CCMA ndi bungwe lomva mikangano ya pantchito kuno, ndipo komishinala ndiye amamva nkhani kumeneko. Sikuti ndinkaikira kumbuyo munthu wakwathu ayi, panthawiyo inenso sindinkadziwa ngati anabadi kapena ayi. Koma lamulo la ubale wa pantchito la 1995, lomwe aliyense amangoti LRA, limafuna zinthu ziwiri kuti kuchotsa munthu ntchito kukhale kwachilungamo: chifukwa chomveka, komanso njira yoyenera. Ndipo munthu akangoonetsa kuti anachotsedwadi, udindo wotsimikizira kuti zonse zinayenda bwino umakhala wa olemba ntchito. Kampani ikhoza kukhala ndi chifukwa chabwino n'kulipirabe chipepeso chifukwa cha njira yomwe inatsata. Bwana atamva za kulipira anakhala pansi.

Kalata yomwe tinalemba inkayamba ndi zomwe zikunenedwa, ndipo tinaika milandu iwiri yosiyana:

“Mlandu woyamba: Akuti Lolemba (tsiku lonse linalembedwa), cha m'ma 6:15 m'mawa, pa malo opakirira achiwiri, munapakira makatoni 12 a mafuta ophikira m'lole ya kampani ndi cholinga choti atuluke popanda kulipiridwa. Mlandu wachiwiri, ngati woyambawo sutsimikizika: akuti pa tsiku, nthawi ndi malo omwewo munapakira makatoniwo popanda pepala losainidwa ndi supavaiza, zomwe zikusemphana ndi lamulo la kapakiridwe ka katundu lomwe lili m'buku la malamulo a kampani.”

Mawu akuti “akuti” ali ndi ntchito yaikulu pamenepa. Kalata ikunena zomwe munthu akumunenera, sikunena kuti wachita. Palibe “wakuba”, palibe “wosakhulupirika”. Ndipo chilichonse chomwe munthu angafune kuti akonzekere chilimo: tsiku, ola, malo, katundu, kuchuluka kwake, lamulo lomwe akuti laswedwa. Ndi zimenezi bambo aja akanatha kukumbukira kuti nthawi imeneyo anali ndi ndani, ndipo ndani anamva zomwe anauzidwa. Mukamuuza munthu kuti “umaba” basi, mboni akaitenga kuti? Akakana tsiku liti?

Kugawa milandu pawiri ndi komwe ndinalimbana nako kwambiri. Kuba kumafuna umboni wa cholinga, pomwe kuswa lamulo la pepala kumangofuna umboni wakuti pepala panalibe. Kampani ikalemba kuba kokha n'kulephera kutsimikizira cholinga, imayamba kukoka umboni kuti ukwane pa mlandu womwe sukukwana. Ena amachita zosiyana, chinthu chimodzi amachidula milandu isanu kuti pepala lioneke lolemera: kusakhulupirika, kunyalanyaza ntchito, kusamvera, kuipitsa dzina la kampani, ndi zina. Kwa ine kumeneko ndi kuopseza munthu chabe. Makhoti a zantchito kuno anenapo kuti kalata yotere siyenera kulembedwa mwaukatswiri ngati ya woimira boma pa mlandu wa kupolisi. Chofunika n'chakuti wantchito amve bwinobwino chomwe akukayankha.

Pansi pake tinalemba tsiku, nthawi ndi chipinda cha hiyaring'i, ndi dzina la wapampando. Kalata inaperekedwa Lachiwiri, hiyaring'i inaikidwa Lachisanu. Anthu ambiri amati lamulo limanena maola 48. Ndondomeko ya boma ya kachotsedwe ka anthu ntchito imangonena za nthawi yokwanira yokonzekera, maola 48 ndi chizolowezi chomwe makampani ambiri anachilemba m'malamulo awo. Pa mlandu wa mapepala ambiri masiku awiri akhoza kuchepa, ndipo munthu ali ndi ufulu wopempha kuti tsiku lisunthidwe, bola apemphe molemba ndi kupereka chifukwa. Wapampando tinapempha manijala wa nthambi ina, chifukwa bwana wathu ndiye anali wodandaula, ndipo munthu amene wakwiya kale ndi nkhani sangaiweruze bwino. Pa tikampani ting'onoting'ono zimenezi sizitheka nthawi zonse, koma pomwe zingatheke zichitike.

Kenako ufulu wake, chimodzichimodzi, m'mawu osavuta: kubwera ndi womuthandiza, kaya mnzake wa pantchito kapena woimira yuniyoni, kukhala ndi womasulira, kuona mapepala ndi zithunzi za kamera zomwe kampani idzagwiritse ntchito, hiyaring'i isanafike, kufotokoza mbali yake, kuitana mboni, kufunsa mafunso mboni za kampani, ndiponso, akapezeka wolakwa, kunena zomwe zingapeputse chilango. Za loya tinalemba zoona zake, kuti pa hiyaring'i ya mkati mwa kampani loya salowa mwachisawawa, wofuna loya apemphe ndipo wapampando ndiye aone. Tinalembanso mosabisa kuti mlandu woyamba ukatsimikizika chilango chikhoza kufika pa kuchotsedwa ntchito, komanso kuti akapanda kubwera popanda chifukwa chomveka hiyaring'i ikhoza kuchitika iye palibe. Ena amaona ngati mizere iwiri imeneyi ndi nkhanza. Ine ndimati nkhanza ndi kumusiya munthu alowe m'chipinda akuganiza kuti akukangodzudzulidwa, n'kutuluka alibe ntchito.

Bwana ankafunanso kuti bambowo akhale kunyumba mpaka mlandu uthe. Zimenezo n'zololedwa, koma malipiro ayenera kuyenda onse, ndipo kalata inanena momveka kuti kuimitsidwaku si chilango. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu 2019 kuti kuimitsa munthu podikira kafukufuku sikufuna kuti ayambe wamvedwa kaye, makamaka ngati akulandira malipiro ake onse. Kuimitsa munthu popanda malipiro mlandu usanazengedwe ndiye kulanga munthu asanayankhe.

Kalata inali ya Chingerezi, koma ndondomeko ya nthawi imeneyo inkati munthu auzidwe mlandu wake m'chilankhulo chomwe angamve, ndiye ndinalembanso ina ya Chichewa n'kuiphatikiza kumbuyo. Ndinawapatsa pamaso pa mboni. Anaiyang'ana, manja kumbuyo.

“Achemwali, ine sindisaina. Ndikasaina ndiye kuti ndavomera.”

“Achimwene, tawerengani mzere uwu pamwamba pa posaina. Ukuti kusaina kukungosonyeza kuti mwalandira kalata, tsiku lino, nthawi ino. Sukunena kuti mwavomera mlandu.”

Mzere umenewo uyenera kukhalapo pa kalata iliyonse. Ukasowa, lembani nokha pafupi ndi dzina lanu kuti mwangolandira chabe, ndi tsiku ndi ola. Kukana kusaina sikuimitsa kanthu, mboni imangosaina kuti munapatsidwa. Choipa kwambiri ndi chomwe bambowa ananena kenako, kuti bola angosiya ntchito apite, chifukwa nkhani ikakula adzayamba kufunsidwa za mapepala okhalira m'dziko. Mantha amenewa athawitsa Amalawi ambiri pa milandu yomwe akanawina. Khoti la zantchito linanena kale mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, kuti mlendo yemwe pemiti yake yatha amatetezedwabe ndi LRA ngati wantchito ndipo akhoza kukadandaula ku CCMA. Sizikutanthauza kuti nkhani ya pemiti yatha, imeneyo ndi ina payokha, koma si chifukwa chothawira hiyaring'i. Ndinawauza kuti apeze mnzawo wodziwa kulankhula, ndipo aganizire amene anali pafupi m'mawa umenewo.

Lachisanu tinali anthu asanu ndi mmodzi: wapampando, bwana ngati wodandaula, bambo aja, mnzawo wowathandiza, womasulira, ndi ine. Anandipempha kuti ndimasulirenso, ndinakana. Munthu mmodzi sangamasulire uku akulemba, chimodzi chimafa, ndipo pakadzakhala mkangano wa zomwe zinanenedwa palibe womutsimikizira. Anaitana mnyamata wina wa ku Dedza wa ku nthambi ina. Tinagwirizananso poyera kuti tijambule mawu pa foni, ndipo ndinalemba m'maminitsi kuti onse avomera.

Tsamba loyamba la maminitsi ndi lomwe ambiri amalidumpha. Pambuyo pa tsiku, nthawi yoyambira ndi maina a onse ndi udindo wawo, wapampando anafunsa mafunso awa ndipo ndinalemba yankho lililonse: kalata munailandira liti? Mwaimva? Nthawi yokonzekera inakwana? Womuthandizayu mwasankha nokha? Womasulirayu mukumvana naye? Muli ndi dandaulo pa wapampando? Pa funso la kukonzekera bambo aja anati zithunzi za kamera sanazione. Wapampando anaimitsa zokambirana kwa mphindi 30 kuti aonere limodzi ndi mnzawo, ndipo ndinalemba ola lomwe tinaima ndi lomwe tinayambiranso. Kanthu kakang'ono ngati aka kamatseka pakamwa aliyense wodzanena mawa kuti munthu sanapatsidwe mpata.

Poyankha milandu ndi pomwe wolemba ayenera kukhala tcheru. Atawerengeredwa mlandu woyamba anati, “Makatoniwo ndinapakira ndine, koma sindinabe. Anandiuza ndi a supavaiza.” Bwana anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, “Lemba kuti wavomera.” Ndinalemba mawu a bambowo monga anatulukira, ndipo wapampando analamula kuti zilembedwe kuti mlandu aukana. Munthu akavomera kuti anachita chinthu koma n'kupereka chifukwa chomuchotsa pa mlandu, ameneyo wakana. Maminitsi ambiri omwe ndaona kwa anzanga amangoti “wantchito anavomera”, kapena “wantchito anafotokoza mbali yake”, mzere umodzi, pomwe umboni wa kampani wadzaza masamba atatu. Ukangoona choncho, dziwa kuti wolembayo ankalembera mbali imodzi.

Sindilemba liwu lililonse, palibe angakwanitse, ndipo palibe amafuna zimenezo. Khoti la zantchito linanena mu 2006, pa mlandu wa Avril Elizabeth Home, kuti hiyaring'i ya pantchito isasanduke bwalo la milandu ya kupolisi, chachikulu ndi chakuti wantchito apatsidwe mpata weniweni woyankha chigamulo chisanapangidwe. Ndiye umboni wa mlonda ndinaufupikitsa: anawerenga 52, invoisi 40, anabweza lole. Koma pofika pa mfundo yomwe mlandu wonse watsamira, ndimalemba funso ndi yankho momwe zilili. Apa ndi pomwe wothandiza uja ankafunsa supavaiza:

Funso: Munauza bambowa kuti aonjezere makatoni 12?
Yankho: Sindikukumbuka.
Funso: Kodi m'mawa umenewo kasitomala wa ku Soweto anakuimbirani foni?
Yankho: Anaimba, ankafuna kuonjezera oda.
Funso: Makatoni angati?
Yankho: Mwina 12.
Funso: Zimachitika kuti katundu akwere pepala lisanasainidwe?
Yankho: M'mawa malole akachuluka zimachitika, pepala limabwera pambuyo.
Funso: Alipo analangidwapo chifukwa cha zimenezo?
Yankho: Sindikudziwapo aliyense.

Ndikanafupikitsa zimenezi n'kulemba kuti “supavaiza anakana kuti anapereka lamulo”, sibwenzi ndikunama kwenikweni, koma mlandu ukanatembenuka. Sindilembanso maganizo anga. Kuti supavaiza ankayang'ana pansi, kapena kuti bambo aja ankaoneka amantha, zimenezo si za m'maminitsi. Pepala lililonse lomwe laperekedwa ngati umboni ndimalipatsa nambala, invoisi 1, buku la pageti 2, n'kulimata kumbuyo. Wina akapempha chinthu n'kukanizidwa, ndimalemba pempholo, kukanako, ndi chifukwa chake.

Wapampando anatitulutsa kuti aganize yekha. Muyeso wa pa hiyaring'i si wa kukhoti la milandu ya upandu, wofuna kuchotsa chikaiko chonse. Amangoona kuti mwa nkhani ziwirizo, yomwe ikuoneka kuti ndiyo inachitikadi ndi iti. Pa mlandu woyamba anati cholinga cha kuba sichinatsimikizike: kasitomala anaimbadi, nambala ikugwirizana, ndipo makatoni anapakiridwa poyera pamaso pa kamera. Pa wachiwiri anawapeza olakwa, chifukwa lamulo ankalidziwa ndipo anavomera okha kuti pepala panalibe. Zifukwa zonsezi zinalowa m'maminitsi, osati mawu akuti “wolakwa” okha.

Chilango chinakambidwa padera, chigamulo chitaperekedwa kale, ndipo maminitsi ayenera kuonetsa kusiyana kumeneku. Ndi panthawi iyi pomwe failo ya munthu imatsegulidwa. Machenjezo akale akatulutsidwa koyambirira, wapampando amayamba kuweruza mbiri ya munthu m'malo mwa mlandu. Bambo aja ananena zaka zomwe agwira, kuti sanalandirepo chenjezo, kuti ali ndi ana pasukulu kumudzi, ndiponso kuti anatsatira mawu a wamkulu wawo. Bwana ananena kuti katundu wotuluka popanda pepala ndiye njira yomwe kampani imaluzira ndalama, zomwe n'zoona. Wapampando anaunikanso yankho lija la supavaiza, lakuti ena amachita zomwezo osalangidwa, chifukwa ndondomeko imafuna kuti lamulo ligwire onse mofanana. Anapereka chenjezo lolembedwa, lomwe mwa malamulo a kampani yathu limakhala miyezi 6.

Tisanabalalike ndinawerenga maminitsi mokweza, womasulira akumasulira. Bambo aja anakonza malo amodzi: ndinalemba kuti anauzidwa pa foni, iwo anati anauzidwa pamaso. Tinamvetsera zojambulidwa, ndinadula mzerewo ndi cholembera osaufufuta, ndinalemba zolondola pamwamba, tonse tinaika zilembo zoyamba za maina athu pambali. Tsamba lililonse linasainidwa, ndipo iwo anatenga kope yawo tsiku lomwelo. Ngati mwapatsidwa maminitsi otaipidwa patapita sabata ndipo simukugwirizana nawo, musangosaina, musangokananso. Lembani pomwe mukutsutsa ndi zomwe munanenadi, sainani pansi pa zimenezo, ndipo jambulani masamba onse pa foni. Musasaine tsamba lopanda kanthu, kapena pepala lomwe mwauzidwa kuti lidzadzazidwa pambuyo.

Kalata ya zotsatira inatuluka Lolemba. Inanena chigamulo pa mlandu uliwonse, zifukwa, chilango, ndi komwe angapite ngati sakukhutira. Apilo ya mkati lamulo silikakamiza, koma ngati ili m'malamulo a kampani iyenera kutchulidwa ndi masiku ake, kwathu ndi masiku 5 a ntchito. Za kunja tinalemba kuti chenjezo lomwe munthu akuliona kuti si lachilungamo akhoza kukalidandaula ku CCMA pasanathe masiku 90. Akanachotsedwa ntchito, masiku akanakhala 30 okha, kuwerengera Loweruka ndi Lamulungu lomwe, kuyambira tsiku lochotsedwa kapena tsiku lomwe kampani yapereka chigamulo chomaliza pa apilo. Fomu yake ndi LRA 7.11, ndipo salipiritsa. Wochedwa amayenera kupempha kaye kuti akhululukidwe kuchedwako, ndipo si onse amaloledwa. Ntchito zina, monga za malole onyamula katundu ndi za ulonda, zili ndi makhonsolo awo okambirana za ntchito, ndipo dandaulo limapita kumeneko m'malo mwa CCMA. Kalata yabwino imatchula malo oyenera kuti munthu asataye masiku akugogoda khomo lolakwika.

Ku CCMA komishinala amamva nkhani yonse mwatsopano, sangowerenga maminitsi n'kugamula. Komabe amayang'ana kalata ndi maminitsi kuti aone ngati njira inali yoyenera, ndipo mboni ikasintha mawu, tsamba losainidwa lija ndi lomwe amaifunsira. Mlandu wathu sunafike kumeneko, bambo aja anavomera chenjezo n'kubwerera pa folokilifiti yawo. Mu Seputembala 2025 boma linatulutsa ndondomeko yatsopano ya kachotsedwe ka anthu ntchito m'malo mwa yakale ija, ndipo imapatsa makampani aang'ono mpata wochita zinthu mosachulutsa mwambo, koma kuuzidwa mlandu momveka, nthawi yokonzekera, womuthandiza ndi mpata woyankha zikadalipo. Amene ali ndi fomu yakale mu kompyuta aiyerekeze ndi ndondomeko yatsopanoyo komanso ndi buku la malamulo a kampani yake asanaisindikize, ndipo ngati woitanidwayo ndi woimira yuniyoni pamalopo, yuniyoni iyambe yadziwitsidwa ndi kukambirana nayo kalata isanaperekedwe.